Mawu omaliza pa vidiyo ya YouTube: tinene chiyani kuti oonera adinedi?

Nabanda: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi tchanelo chophunzitsa kaweteredwe ka nkhuku pa YouTube, ndipo ndikupempha nzeru pa nkhani ya mawu amene timalankhula vidiyo ikamatha, pa nthawi imene timabokosi ta `End screen` timaoneka. Vidiyo yanga yatsopano ndi ya mphindi 8 ndi masekondi 40, ndipo imafotokoza za kasamalidwe ka anapiye m'sabata yawo yoyamba. Mawu anga omaliza ndi awa: "Basi ndi zomwe ndinakukonzerani lero, abale anga. Zikomo kwambiri chifukwa chokhala nane kuyambira pachiyambi mpaka pano. Musaiwale kulembetsa ku tchanelo chino, kudina kabelu, kudina chala chachikulu, kulemba ndemanga komanso kutumizira anzanu. Mavidiyo ena ali apawa. Mpaka tidzaonanenso, Mulungu akudalitseni." Ndinaikapo timabokosi tinayi: mavidiyo awiri, mndandanda wa mavidiyo ndi batani la `Subscribe`. Anthu akuionera ndithu vidiyoyo, koma amene akudina timabokosito ndi owerengeka. Kodi vuto lili pa mawu kapena pa timabokosi?

Limbani: Achemwali, ine ndikuona kuti vuto ndi nthawi. YouTube imalola kuti timabokosito tikhalepo masekondi 5 mpaka 20, ndiye ngati munaika ochepa, wonjezerani afike 20, ndipo muikenso kanyimbo ndi mivi yoloza timabokosito kuti munthu asaphonye. Ndiponso pempho lolembetsa muzilinena kawiri, popeza anthu athu safuna kuuzidwa kamodzi kokha.

Bambo Mbewe: A Limbani anena zoona pa malire a nthawi, ndipo ndingowonjezera kuti vidiyo iyenera kukwana masekondi 25 kuti ilandire timabokosito. Koma sindikukhulupirira kuti kutalikitsa nthawi kungathandize Mayi Nabanda, chifukwa vuto lawo likuyamba timabokosito tisanaoneke n'komwe. Mayi, tatsegulani YouTube Studio, musankhe vidiyoyo, mupite pa `Analytics` kenako pa `Engagement`, muone mzere umene umasonyeza kuchuluka kwa anthu amene akadali kuonera pa sekondi iliyonse. Mutiuze malo amene mzerewo ukugwa mwadzidzidzi chakumapeto, ndiponso mawu amene inu mukulankhula pa sekondi imeneyo.

Nabanda: Ndaona, Bambo Mbewe. Mzere ukutsika pang'onopang'ono mpaka pa 8:00, kenako ukugwa ngati wagwera m'dzenje. Pa 8:00 ndi pamene ndikunena kuti "Basi ndi zomwe ndinakukonzerani lero." Timabokosi tikuyamba kuoneka pa 8:25.

Bambo Mbewe: Ndiye kuti yankho mwalipeza nokha. Woonera akamva mawu amenewo amadziwa kuti phunziro latha ndipo chotsala ndi kutsanzikana, choncho chala chake chimapita kwina masekondi 25 timabokosi tisanabwere. Pempho lanu likumvedwa ndi anthu ochepa amene atsala, ndipo ochepawo mukuwapatsa ntchito zisanu pakamwa ndi zinthu zinayi zoti adine pa sikirini. Munthu wopatsidwa zosankha zochuluka chotere pa nthawi yochepa kawirikawiri sasankha chilichonse, amangodikira kuti vidiyo ithe, ndipo ikatha YouTube imamuikira vidiyo ina imene nthawi zambiri imakhala ya munthu wina.

Chimene ine ndimachita polemba ndi kudzifunsa kuti munthu amene wangomaliza phunziroli watsala ndi vuto lanji limene ndili nalo kale yankho lake pa tchanelo changa. Kwa inu, woweta amene waphunzira kufunditsa anapiye ndi kuwapatsa madzi ndi chakudya m'sabata yoyamba akudera nkhawa za matenda, makamaka chitopa. Ngati muli ndi vidiyo ya katemera wa chitopa, mawu anu omaliza akhale opitiriza phunzirolo, mwachitsanzo motere: "Anapiye anu akadutsa sabata yoyambayi, mdani wotsatira ndi chitopa, chimene chingathe kumaliza khola lonse m'masiku ochepa. Nthawi yoperekera katemera ndi kaperekedwe kake ndakuonetsani m'vidiyo iyi. Dinani pamenepa." Mwaona kuti chiganizo choyamba chikutchula vuto, chachiwiri chikunena chimene munthu akapeze, ndipo chachitatu ndi chimodzi chokha chimene mukufuna kuti achite. Chiganizo choyambacho chilumikizane ndi mfundo yomaliza ya phunziro popanda kupuma kwautali, popanda kusintha kamvekedwe ka mawu, ndiponso popanda kanyimbo kotsekera, chifukwa kanyimboko nakonso kamauza munthu kuti zatha. Pa sikirini pakhale kabokosi kamodzi ka vidiyo yomweyo, kosankhidwa ndi `Choose specific video`.

Mayi Nangozo: Pepani, Bambo Mbewe, ine ndili ndi chikayiko. Ife tinakula tikumva owulutsa mawu pa wayilesi akutsanzika mwaulemu, ndipo munthu amene wangodula nkhani osathokoza timamuona ngati wopanda mwambo. Oonera ambiri a tchanelo changa cha zosoka ndi amayi achikulire, ndipo ena amandilembera ndemanga zoyamikira dalitso limene ndimawapatsa pomaliza. Ndikachotsa zimenezo n'kungonena kuti "dinani pamenepa", kodi sadzaona ngati ndasanduka wamalonda wongofuna kudinidwa?

Bambo Mbewe: Mayi Nangozo, sindikunena kuti ulemu uchotsedwe, koma kuti usinthidwe malo. Kuthokoza kungabwere pambuyo pa pempho, pamene kabokosi kali kale pa sikirini ndipo munthu wamva kale chifukwa chodinira. Mawu awiri akuti "Zikomo kwambiri" amakwana m'sekondi imodzi kapena awiri, ndipo amene wafuna kudina wadina kale, pamene amene wafuna kumva dalitso lanu alimva. Chimene chimawononga ndi kuika kutsanzika patsogolo pa pempho.

Mayi Nangozo: Ndamva, koma kwa ine "zikomo" wa sekondi imodzi woponyedwa kumapeto sakufanana ndi kutsanzika kwenikweni. Ndiyesa kusuntha pempholo kuti libwere poyamba, koma dalitso langa ndilisiya lathunthu monga liliri, ngakhale litenge masekondi onse 20.

Chisomo: Ine ndimalemba mawu anga m'munsi mwa vidiyo, kenako ndimalembanso ndemanga yoyamba n'kuikhomera pamwamba pa ndemanga zonse kuti aliyense aione. Pamenepo mungathe kulemba zambiri mmene mungafunire popanda kudera nkhawa za masekondi. Mwina Mayi Nabanda angochita chomwecho.

Limbani: Achimwene Chisomo, imeneyo ndi nkhani ina. Pano tikukamba za mawu olankhula ndi timabokosi timene timaoneka pamwamba pa chithunzi vidiyo ikamatha. Komabe Bambo Mbewe, ine sindinakhutire pa kabokosi kamodzi. YouTube inapereka malo anayi pa vidiyo yachizolowezi, ndipo pali `Best for viewer` imene imasankhira munthu aliyense vidiyo yomuyenera kuchokera pa tchanelo chanu. Makina amenewo amadziwa zimene munthu waonera kale kuposa ife. Nanga bwanji tiwakane?

Bambo Mbewe: Mfundo yanu ili ndi mbali yoona, a Limbani. `Best for viewer` imathandiza pa tchanelo chimene mavidiyo ake sadalirana, monga cha nthabwala kapena cha nyimbo, pamene zilibe kanthu kuti munthu ayamba ndi iti. Koma taganizirani za wolemba mawu omaliza. Ngati simukudziwa vidiyo imene idzaoneke m'kabokosimo, simungathe kuitchula, ndiye mudzakakamizika kunena mawu opanda mutu monga akuti "onerani vidiyo ina iyi", omwe sapatsa munthu chifukwa chilichonse. Mayi Nabanda sangalankhule za chitopa pamene kabokosi kakuonetsa vidiyo ya kamangidwe ka khola. Pa tchanelo chophunzitsa, mphunzitsi amadziwa bwino phunziro lotsatira, ndipo mphamvu ya pempho ili pa kugwirizana kwa zimene khutu lamva ndi zimene diso laona. Ngati mukufuna kuikapo kachiwiri, ikani batani la `Subscribe` pakona mwakachetechete osalitchula pakamwa, kuti amene wafika kale pa maganizo olembetsa alipeze, koma pempho lolankhula likhale limodzi.

Nabanda: Apa ndi pamene mtima wanga ukuvutika, Bambo. Chimene ndikufunitsitsa panopa ndi olembetsa, chifukwa tchanelo changa sichinafike pa mlingo woti chizilandira ndalama. Ngati pempho liyenera kukhala limodzi, kodi si bwino likhale lolembetsa m'malo motumiza anthu ku vidiyo ina?

Bambo Mbewe: Mungathe kusankha chomwecho pa mavidiyo ena, makamaka amene alibe phunziro lotsatira, koma muzindikire kusiyana kwa zopempha ziwirizi. Mukamuuza munthu kuti aonere vidiyo ya katemera, mukumupatsa chinthu chimene iye akuchifuna lero. Mukamuuza kuti alembetse, mukumupempha chinthu chimene inu mukuchifuna, ndipo phindu lake kwa iye lili kutsogolo. N'chifukwa chake pempho lolembetsa limagwira bwino likakhala ndi lonjezo lenileni, mwachitsanzo lakuti, "Gulu ili la anapiye tililondola sabata iliyonse mpaka tsiku logulitsa, lembetsani kuti muone mmene adzakhalire Loweruka likubwerali." Pamenepo munthu akudziwa chimene akulembetsera, koma lonjezolo muyenera kulisunga. Kumbukiraninso kuti mlingo umene mukuufunawo suwerengera olembetsa okha, umawerengeranso maola amene anthu aonera mavidiyo anu, ndiye munthu amene wapita ku vidiyo yachiwiri wakuthandizani mbali imeneyo, komanso wapeza mpata wina wokukhulupirirani. Ine pempho lolembetsa ndimaliika pakati pa vidiyo, nditangomaliza kufotokoza chinthu chothandiza kwambiri, m'chiganizo chimodzi, ndipo mapeto ndimawasungira vidiyo yotsatira.

Takondwa: Ndiloleni ndilowepo ndi za kujambula, popeza ndi ntchito imene ndimagwirira anthu. Mawu angathe kukhala abwino koma n'kuwonongeka pojambula. Mayi Nabanda, mawu amene Bambo Mbewe alemba aja muwawerenge mokweza muli ndi wotchi ya pa foni m'manja, pa liwiro limene mumalankhulira masiku onse, chifukwa mawu a Chichewa ndi aatali ndipo ziganizo zitatu zimadya masekondi ambiri kuposa mmene zimaonekera papepala. Tinene kuti zatenga masekondi 14. Kabokosi sikafunika kuoneka pa chiganizo choyamba chimene chikutchula chitopa. Kaoneke pamene mukuyamba chiganizo chachiwiri, kuti mukamafika pa mawu akuti "m'vidiyo iyi" kakhale kalipo kale. Mukamaliza kulankhula, musazimitse kamera nthawi yomweyo. Khalani chomwecho masekondi anayi kapena asanu mukuyang'ana ku kabokosiko kapena mukugwira anapiye, kuti munthu amene wagoneka foni patebulo athe kuitola n'kudina vidiyo isanathe. Zonse pamodzi kabokosi kadzakhala pa sikirini masekondi 12 mpaka 15, ndipo palibe chifukwa chofikira 20 ngati palibe chikuchitika.

Pojambula gawo limenelo, imani mbali imodzi ya chithunzi n'kusiya mbali ina yopanda kanthu, chifukwa kabokosi kamaikidwa pamwamba pa chithunzi ndipo kadzaphimba chilichonse chimene chili pansi pake. Ndinaonapo vidiyo ya mayi wina wophunzitsa kuphika mandasi imene kabokosi kanaphimba nkhope yake yonse, kunangotsala dzanja lokha likuloza kukhoma. Samalaninso ndi kuloza: mukaloza kudzanja lanu lamanja, kwa woonera kumakhala kumanzere, ndipo makamera ena akutsogolo a foni amatembenuza chithunzi ngati galasi. Njira yosavuta ndi kujambula kaye, kuonera, kenako n'kuika kabokosi kumene chala chalozadi, ndipo pakamwa muzingonena kuti "apa" m'malo monena kumanja kapena kumanzere. Mukamaliza, yesani pa foni yeniyeni, osati pa kompyuta pokha, chifukwa pa sikirini yaing'ono mutu wautali wa vidiyo sumawerengeka bwino m'kabokosimo.

Chisomo: A Takondwa, pamenepo ndili ndi funso la ine mwini. Mavidiyo anga ambiri anthu amawaonera pa WhatsApp ndi pa Facebook, chifukwa oonera anga amagula mabandulo otsika mtengo a masamba amenewo ndipo amaopa kuti YouTube iwathera bandulo. Ndikatenga vidiyo yomweyo n'kuitumiza kumeneko, ndimaoneka ndikuloza m'malere ndikunena kuti "dinani apa" pomwe palibe chodina.

Takondwa: Ndi zoona, chifukwa timabokosito si mbali ya vidiyo yanu, ndi YouTube imene imatiika pamwamba poonetsa. Vidiyo ikachoka pa YouTube, timabokosi timatsala. Njira imene ndimatsata ndi kujambula mapeto awiri tsiku lomwelo, ndili ndi zovala zomwezo ndi kuwala komweko. A pa YouTube amaloza kabokosi, pamene a kwinawo amatchula chinthu chimene munthu angachite pamalo amene ali, monga kunena dzina la tchanelo ndi mawu oti akafufuze, n'kuwalembanso ndi zilembo zazikulu pa chithunzi penipenipo. Pempho limakhalabe limodzi, kungoti lasintha malinga ndi malo. Ngati mulibe nthawi yojambula kawiri, dulani chiganizo chomaliza cha "dinani pamenepa" pa vidiyo yotumiza kwina, ndipo chiganizo chachiwiri chikhale chotchula mutu wa vidiyo yotsatira momveka bwino kuti chiime pachokha. Dziwaninso kuti ngakhale pa YouTube pomwepo, mavidiyo aafupi a Shorts alibe timabokosi totere. Kumeneko pali `Related video`, imene imaika linki ya vidiyo imodzi.

Bambo Gondwe: Ine ndimagulitsa anapiye ndi chakudya cha nkhuku, ndipo sindikufuna kuti munthu apite ku vidiyo ina, ndikufuna andiimbire foni. Ndafufuza kabokosi koika linki ya tsamba langa koma sikakulola. Mdzukulu wanga wayesanso pa vidiyo yake ya nthano za ana, ndipo kwa iye `End screen` yonse siikutheka n'komwe.

Bambo Mbewe: Bambo Gondwe, kabokosi ka `Link` kamene kamatulutsa munthu kunja kwa YouTube kamapezeka kwa amene alowa mu YouTube Partner Program, ndondomeko imene imalola tchanelo kulandira ndalama. Za mdzukulu wanu, vidiyo ikaikidwa chizindikiro chakuti inapangidwira ana, timabokosi ta kumapeto sitigwira ntchito, ndipo zimenezo n'zochokera ku YouTube, si kulakwitsa kwake. Kwa inu, pempho lanu limodzi likhale foniyo basi. Lembani nambala pa chithunzi ndi zilembo zazikulu, ikhalepo nthawi yokwanira kuti munthu ailembe kapena aijambule, ndipo munene chimene akaimba anene, mwachitsanzo kuti atchule chiwerengero cha anapiye amene akufuna ndi boma limene akukhala. Pa vidiyo yoteroyo musaikepo timabokosi ta mavidiyo ena, chifukwa tidzakoka munthu kumuchotsa pa nambala yanu. Pa mavidiyo anu ophunzitsa, kabokosi kangaloze ku vidiyo imene ili ndi nambalayo.

Nabanda: Ndalemba mawu atsopano motere: "Mukatsata zimenezi, anapiye anu adutsa sabata yoyamba ali amphamvu. Koma chitopa sichiona kuti nkhuku ndi yonenepa, ndipo chikalowa m'khola mankhwala ake palibe. Kaperekedwe ka katemera wake ndakuonetsani m'vidiyo iyi. Dinani apa tipitirize. Zikomo kwambiri." Kodi ndingathe kusintha vidiyo imene ili kale pa tchanelo, kapena ndiyambire pa yotsatira? Ndiponso ndidzadziwa bwanji kuti zathandiza?

Bambo Mbewe: Mawuwo ali bwino, ndipo ndakonda "tipitirize", chifukwa akusonyeza kuti inu simukuchoka. Timabokosi mungatisinthe nthawi iliyonse pa vidiyo yakale, ndipo mu `Editor` ya YouTube Studio mungathe kudula mbali ya vidiyo popanda kuitumizanso, koma simungawonjezere mawu atsopano olankhula. Choncho pa yakaleyo mungadule kutsanzika kwautaliko n'kusiya kabokosi kamodzi, ndipo mawu atsopanowa muyambe nawo pa vidiyo yotsatira. Onetsetsani kuti vidiyo imene mukuitchula yatuluka kale ndipo aliyense angaione. Musalonjeze pakamwa chinthu chimene simunajambule.

Pa za kuyeza, pali chiwerengero chotchedwa `End screen element click rate`, chimene chimagawa kudina ndi maulendo amene kabokosi kanaonekera, ndipo chingathe kukusokonezani. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Anthu 300 afika pa mfundo yomaliza ya phunziro, kutsanzika kwathamangitsa ambiri, atsala 90 pamene kabokosi kakuoneka, ndipo 9 adina; pamenepo chiwerengero chili pa 10 mwa 100 alionse. Mutasintha mawu, anthu 250 akhalabe mpaka kabokosi kaoneke ndipo 20 adina. Chiwerengero chatsika kufika pa 8 mwa 100 alionse, chikhalirecho anthu opita ku vidiyo yachiwiri achuluka kuposa kawiri. Ndiye muziona zinthu ziwiri pamodzi: ngati dzenje la pa mzere lija lasunthira kumapeto kwenikweni, ndi chiwerengero cha anthu enieni amene adina. Pa tchanelo chaching'ono musafulumire kuweruza ndi vidiyo imodzi, chifukwa anthu awiri kapena atatu okha angasinthe chiwerengerocho kwambiri.

Limbani: Pa zonsezi ndagwirizana nazo, kupatula kabokosi kamodzi. Munthu amene anaonera kale vidiyo ya katemerayo mwamutsekera njira, chifukwa chimene mukumupatsa anachiona kale ndipo palibe china choti adine. Oonera okhulupirika ndi amene adzakumane ndi zimenezi kawirikawiri. Ine ndipitiriza kuika tiwiri: kamodzi kosankha ndekha kamene ndikukatchula pakamwa, ndi kena ka `Best for viewer` pansi pake.

Takondwa: Zimenezo zimadalira amene akuonera, a Limbani. Pa `Audience` mungaone ngati ambiri ali atsopano kapena obwerera. Ngati ali obwerera, maganizo anu ali ndi maziko, koma pa foni timabokosi tiwiri timadya malo ambiri, ndipo muyenera kujambula mapeto anu mutasiya malo okwanira tonse tiwiri, ndiponso chala chanu chiloze bwinobwino kamene mukukatchulako. Mayi Nabanda, kodi oonera vidiyo ya anapiyeyo akuchokera kuti, pa kufufuza kapena pa olembetsa anu?

Nabanda: Ambiri akuchokera pa kufufuza, ndipo ndi atsopano. Ndiyamba ndi kabokosi kamodzi ka katemera pa vidiyo imeneyi. Koma pa mavidiyo a sabata ndi sabata amene amaonedwa kwambiri ndi olembetsa, sindinaganize bwino, popeza vidiyo yotsatira imakhala isanajambulidwe pa tsiku limene ndikutulutsa, ndiye ndilibe choti ndiloze. A Limbani, inu pa mavidiyo otere mumatchula chiyani pakamwa?